Ndidathetsa ndine chitomero, nanga mtima ukunditsutsiranji?

Chibwenzi kapena chitomero chikatha, anthu amathamangira kukapepesa amene wasiyidwa. Amamuyendera, amamupempherera, ena amamunyamulira ndi chakudya chomwe. Koma amene watchula mawu akuti zithe, palibe amamuyendera. Anthu amangoti wapeza chimene amafuna, ndiye akudandaula chiyani? Lero tiyeni tilowe m'nyumba ya munthu ameneyu, pakuti nayenso sagona tulo.

Tiyambe ndi nkhani ya mtsikana wina wa zaka 27, mphunzitsi wa pulaimale, amene sitimutchula dzina. Adakhala pa chibwenzi ndi mnyamata wa mumpingo mwake zaka zitatu. Chinkhoswe chidachitika mwezi wa Ogasiti, tambala ndi msoti zidaperekedwa pamaso pa anthu, ndipo ukwati adaupangana kuti udzachitike mu Disembala. Patangotha masabata awiri chichitikireni chinkhoswe, mnyamatayo adamumenya mbama chifukwa chochedwa kuyankha foni. Mtsikanayo adakauza atsibweni ake, amene adali nkhoswe ya kuchikazi. Ankhoswe a mbali zonse adakumana, mnyamata adapepesa, nkhani idatha.

Mu Novembala, ukwati utalengezedwa kale kamodzi m'tchalitchi, zidachitikanso. Ulendo uno adamupotokola mkono mpaka kutupa, namuswera foni pansi, n'kumuuza kuti akadzalowa m'nyumba adzamuphunzitsa mwambo. Usiku womwewo mtsikanayo adabwereka foni ya mng'ono wake, nalemba uthenga wa mizere iwiri wonena kuti ukwati kulibe. M'mawa mwake adakwera basi kupita kwa azakhali ake ku boma lina, osauza munthu. Ankhoswe adamvera kwa anthu apanjira. Komiti ya ukwati idali itasonkha kale K600,000, ndipo theka lake lidali litalipiridwa kuholo.

Padatha miyezi isanu. Mkono udapola, koma mtsikanayo adasiya kudya Mgonero wa Ambuye, adasiya kwaya, ndipo Lamulungu ankakhala pa benchi la kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isadathe. Ankamva kuti mnyamata uja wayamba kumwa mowa kwambiri, ndi kuti mayi ake a mnyamatayo adagonekedwa m'chipatala ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Tsiku lina adagwada pakhomo pa mayi wina wachikulire wa mumpingo, nati: “Amayi, ndikudziwa kuti ndikadalowa m'banja lija bwenzi ndikumenyedwa. Koma ndikati ndipemphere, ndimangomva kuti ndaononga moyo wa munthu. Kodi Mulungu andikhululukira?”

Mayiwo sadathamangire kumuuza kuti sadalakwe, ndipo sadamuuzenso kuti adalakwa. Adangomufunsa kuti: “Mwanangu, akukhululukire chiyani? Tchula chinthucho ndi dzina lake.” Mtsikanayo adakhala chete nthawi yaitali, chifukwa pa miyezi isanu yonseyo adali asadadzifunsepo funso limeneli.

Mtolo umodzi, nkhuni zitatu

Chimene chimalemera mumtima mwa munthu wothetsa chibwenzi sichikhala chinthu chimodzi. Ndi mtolo wa nkhuni zamitundu itatu zomangidwa ndi luzi limodzi, ndipo munthu amangoutcha wonse kuti tchimo. Muli chisoni, muli manyazi, ndipo nthawi zambiri mulinso cholakwa chenicheni. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mankhwala akeake. Wolapa chisoni ngati kuti ndi tchimo amalapa mpaka kalekale osapepukidwa, pakuti palibe chokhululukira pamenepo.

Chisoni ndicho choyamba. Munthu amene mudakondana naye zaka zitatu sasanduka mlendo tsiku limene mwamusiya. Mumadziwa mmene amalirira, mumadziwa chimene amaopa, ndipo mukudziwa kuti misozi yake ya lero yabwera ndi mawu anu. Akatswiri a maganizo a anthu ku America, Roy Baumeister ndi anzake awiri, adafalitsa kafukufuku m'chaka cha 1993 wokhudza chikondi cha mbali imodzi. Adapeza kuti anthu okana chikondi cha mnzawo nawonso ankavutika, ndipo ambiri ankadziimba mlandu ngakhale ankaona kuti sadachite choipa. Mtima wa munthu udapangidwa motero: ukaona kuti mnzako akumva kuwawa chifukwa cha iwe, umalira, kaya udalakwa kaya sudalakwe. Namwino wobaya mwana jekeseni naye amamva chisoni mwanayo akamalira, koma sapita kukalapa.

Buku la Genesis, mutu 21, likutionetsa Abrahamu ali pa mphambano yotereyi. Sara adafuna kuti Hagara ndi mwana wake Ismaeli achoke pamudzi, ndipo nkhaniyi idamuwawa kwambiri Abrahamu chifukwa mwanayo adali wake. Mulungu adamuuza kuti amvere Sara, nalonjeza kuti Ismaeli naye adzakhala mtundu wa anthu. Abrahamu adadzuka m'mamawa, nawapatsa chakudya ndi thumba la madzi, nawalola apite. Taonani kuti kuwawa kwa mtima wake sikudali umboni wakuti njirayo idali yolakwika. Ngati padali pamene Abrahamu ndi Sara adaphonya, padali poyambirira, m'mutu 16, pamene adalephera kudikira lonjezo. Anthu ambiri othetsa chitomero ali chimodzimodzi: akafufuza bwino amapeza kuti kuphonya kwawo kudali pa kuchedwa kuona zizindikiro, osati pa tsiku lotuluka.

Nkhuni yachiwiri ndi manyazi. Kwathu kuno chitomero sichikhala cha anthu awiri. Chinkhoswe chikachitika, mabanja awiri amayamba kuitanana kuti asewere, ndipo ukwati ukalengezedwa m'tchalitchi, mpingo wonse umakhala mboni. Wothetsa amaona ngati wachititsa manyazi makolo, ankhoswe, abusa ndi komiti yonse. Manyazi mungawazindikire motere: amakula mukakhala pagulu, amachepa mukakhala nokha kapena kumalo kumene anthu sakukudziwani. Funso lawo limakhala lakuti anthu akuti chiyani, osati ndachita chiyani. Mtsikana wathu uja adazindikira kuti ali kwa azakhali ake ankapemphera bwinobwino, koma atangobwerera kumpingo wake pakamwa padauma. Chikumbumtima sichisintha ndi boma limene munthu ali. Chimene chidasintha ndi maso omuyang'ana.

Tikumbukirenso chifukwa chimene mipingo yambiri imalengezera ukwati Malamulungu atatu. Sikuti anthu ayambe kusoka zovala ayi. Amalengeza kuti ngati pali chifukwa choletsa ukwatiwo, chituluke malumbiro asadachitike. Choncho mtsikana amene waona chifukwa chotero nachitchula, wagwiritsa ntchito nthawiyo monga momwe idaikidwira. Chitomero ndi lonjezo lolemera, koma si lumbiro la paguwa.

Cholakwa chenicheni chili ndi dzina

Nkhuni yachitatu ndiyo yofunika kuisamala, chifukwa abwenzi ofuna kutitonthoza amakonda kuibisa. Amati usadandaule, sudalakwe kanthu. Koma mtima sukhulupirira mawu amenewa ngati ukudziwa kuti pena pake padakhota. Cholakwa chenicheni chimadziwika ndi zinthu zitatu: chili ndi tsiku limene chidachitika, chili ndi munthu amene adalakwiridwa, ndipo pali chinthu chimene mungachite kuti mukonze. Maganizo ongoti ndine munthu woipa alibe tsiku, alibe mwini, ndipo alibe pothera. Mtumwi Paulo, pa 2 Akorinto 7:10, akusiyanitsa chisoni chimene chimafikitsa munthu pa kutembenuka mtima ndi china chimene chimangomupha. Choyambacho chimakuimiritsani kuti mukachite kanthu. Chachiwiricho chimakukhazikani pa benchi la kumbuyo miyezi isanu.

Mayi wachikulire uja adapatsa mtsikanayo pepala, namuuza kuti alembe chilichonse chimene chikumutsutsa, chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse ayankhe mafunso awiri: kodi ndidachita ndine, ndipo kodi ndingakonze? Adalemba zinthu zisanu ndi chimodzi.

Choyamba, mnyamata akumwa mowa. Atalingalira adavomera kuti botolo amalinyamula ndi mwini wake, ndipo ankamwa ngakhale chibwenzi chili mkati. Chachiwiri, mayi ake adadwala. Matendawo adali nawo zaka zambiri, ndipo chimene chidawasweratu mtima ndi khalidwe la mwana wawo. Chachitatu, kuthetsa ukwati kwenikweniko. Apa adalemba kuti akadabwerera ku tsiku lija, akadathetsabe. Zitatu izi adazidula ndi cholembera, osati chifukwa sizipweteka, koma chifukwa si milandu yake.

Zitatu zotsalazo zidakana kudulidwa. Atsibweni ake, amene adamuimira pa chinkhoswe, adamvera nkhaniyi kumsika. Anthu a komiti adasonkha ndalama zawo ndipo palibe adawafotokozera kumene zidapita. Ndipo ali kwa azakhali ake, pofuna kuti anthu amumvetse, adaulula zinsinsi za banja la mnyamatayo zimene sizidakhudzane ndi kumenyedwa kwake. Izi zidali ndi tsiku, mwini wake, ndi njira yokonzera.

Onani kuti kulemba uthenga pafoni ndi kuthawa usiku sadakuike pa milandu, ndipo adachita bwino. Munthu amene wakupotokolani mkono simuyenera kukakhala naye pansi awiriwiri kuti mumutsanzike mwaulemu. Nthawi yolekana ndi imene munthu wankhanza amaopsa koposa. Koma kumene kulibe nkhanza, monga pamene mwangoona kuti simugwirizana pa chikhulupiriro, pa za ana kapena pa kukhulupirika, mnzanuyo ayenera kumva kuchokera pakamwa panu, ndi chifukwa choona, asadamve kwa wina. Pa Mateyu 1:19 timamva za Yosefe, amene ataganiza zothetsa chitomero chake ndi Mariya, adasankha kuchita mosamuchititsa manyazi pagulu. Mngelo adamubweza pa ganizo lothetsalo, koma Malembo amamutcha wolungama ali mkati molingalira njira yosiyana nayo mwaulemu. Nthawi zambiri mlandu wa wothetsa sukhala pa kuthetsako, koma pa kathetsedwe.

Kukonza kwake kudatenga masabata atatu

Mtsikanayo adayamba ndi atsibweni ake. Adapita ndi mayi ake, nagwada, nati: “Atsibweni, ndidakulakwirani pochoka osakuuzani, inu amene mudandiimira. Pa zothetsa ukwati sindikubwerera, koma pa kukuchititsani manyazi ndikupepesa.” Mawu awa ndi ofunika kuwaonetsetsa. Adapepesa chimene adalakwa, natchula poyera chimene sakupepesa. Kupepesa kosalongosoka, kongoti pepani pa zonse, kumatsegula khomo loti achibale ayambenso kukambirana tsiku la ukwati.

Kenaka atsibweniwo adatumiza mawu kwa nkhoswe ya kuchimuna, pakuti chimene chidamangidwa ndi ankhoswe chimamasulidwa ndi ankhoswe. Mphete ndi katundu wa mnyamata zidabwezedwa kudzera mwa iwo, mtsikanayo osapezekapo. Za komiti, msungichuma adawerengera: K300,000 idalipo ndipo idabwezedwa kwa osonkha monga mwa kaundula, pamene ya kuholo idabwerako theka lokha. Yotsalayo mabanja awiri adagawana, ndipo mtsikanayo adalipira gawo lake pa miyezi itatu kuchokera ku malipiro ake. Za zinsinsi zija, sakadatha kubweza mawu, poti madzi akatayika sawoleka. Adakauza azakhali ake kuti adalankhula zosayenera ndipo asazipititse patsogolo, naulula kwa Mulungu, nasiya kuzinena.

Atatha izi adabwerera ku Mgonero. Chisoni sichidathe tsiku lomwelo. Ankati akamva nyimbo imene adasankha kuti adzalowere m'tchalitchi, misozi inkabwera. Koma tsopano ankadziwa dzina la chimene akumva, ndipo sankachiyesanso mlandu.

Misampha inayi

Mtima wodzitsutsa ukapanda kuunikidwa umakankhira munthu ku zinthu zimene zimaoneka ngati chifundo koma zimaonjeza bala. Msampha woyamba ndi kubwerera. Munthu amabwerera osati chifukwa chimene chidamuchotsa chasintha, koma kuti aleke kumva kuwawa. Dzifunseni kuti: kodi chasintha n'chiyani, ndipo ndani wina wachiona kupatula ine? Misozi ndi malonjezo a sabata imodzi si kusintha. Ukwati womangidwa pa chisoni umasanduka ndende ya anthu awiri.

Wachiwiri ndi kudzisandutsa mtonthozi wa amene mwamusiya. Mumamuimbira foni kuti mumve ngati wadya, mumayankha mauthenga ake pakati pa usiku. Katswiri wina wa za kakhalidwe ka anthu, Diane Vaughan, m'buku lake la 1986 lotchedwa Uncoupling, adaonetsa kuti wothetsa amakhala atayamba kale kulekana ndi mnzake mumtima, mwakachetechete, pamene wosiyidwayo amayamba ulendowo tsiku limene wauzidwa. Ndiye kuti awirinu simuli pamalo amodzi. Foni imene kwa inu ndi chifundo, kwa iye ndi chiyembekezo, ndipo tsiku lililonse limene mwaimba mumamubwezera poyambira. Ali ndi abale, abwenzi ndi abusa. Mwa anthu onse a padziko, inu nokha ndiye simungathe kumutonthoza pa nkhani imeneyi.

Wachitatu ndi kumuipitsa mnzanuyo kuti inu muoneke wolungama. Kunena zoona kwa ankhoswe, abusa kapena apolisi n'koyenera, ndipo nkhanza siziyenera kubisidwa. Koma kuyenda nayo nkhani khomo ndi khomo kumangobala cholakwa chatsopano, monga adaonera mtsikana uja.

Wachinayi ndi woopsa koposa. Ena akasiyidwa amanena kuti adzipha, ndipo magazi awo adzakhala pamutu panu. Mawu otere musawapeputse, komanso musawasunge nokha. Tsiku lomwelo dziwitsani abale ake, nkhoswe yake ndi abusa, kuti amuyang'anire ndi kupita naye kuchipatala. Ngati akukuopsezani inuyo, pitani kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa imene ambiri amaitcha Victim Support Unit. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 lidaikidwa kuti liteteze anthu ku zoterezi. Kuchita izi ndiko kusamala moyo wake. Kubwerera chifukwa cha chiopsezo kumangomuphunzitsa kuti chiopsezocho chimagwira ntchito.

Malire a mawu awa

Tisanamizane, okondedwa. Si aliyense wothetsa chibwenzi amene adali ndi chifukwa chokwanira. Alipo amene adasiya mnzawo atapeza wina wa ndalama, ena atamupatsa mimba, ena atamudyera chuma chake ndi lonjezo la ukwati. Kwa otere, kutsutsa kwa mtima ndi mawu oona, ndipo mankhwala ake ndi kulapa ndi kubweza. Pamene pali mwana, chibwenzi chimatha koma ukholo sutha: chakudya, sukulu ndi chipatala zimakhalabe pa mapewa a onse awiri.

Ndipo banja la malumbiro ndi nkhani yolemera kuposa chitomero. Mipingo imasiyana pa chiphunzitso cha kusudzulana, choncho wapabanja ayende ndi abusa kapena ansembe ake pamodzi ndi ankhoswe. Komabe ngakhale Mpingo wa Katolika, umene suvomereza kuti ukwati wa sakramenti uthe, malamulo ake amalola kuti munthu apatukane ndi mnzake pamene moyo wake kapena wa ana uli pangozi. Mawu akuti banja ndi kupirira adanenedwa pa umphawi, matenda ndi kusiyana maganizo, osati pa zibakera.

Pomaliza, ngati mwakonza zonse zokonzeka koma papita masabata awiri kapena kuposerapo musakugona, musakudya, ntchito ikukukanikani, kapena mukuganiza kuti kuli bwino kufa, chimenecho sichilinso chikumbumtima. Angakhale matenda a maganizo, ndipo amachizika. Pitani kuchipatala monga mmene mukadapitira ndi malungo, ndipo pemphero lipite nanu limodzi.

Mlembi wa 1 Yohane 3:20 ankadziwa kuti mtima wa munthu wokhulupirira ungathe kumutsutsa, ndipo akutikumbutsa kuti Mulungu amaposa mtimawo ndipo palibe chobisika kwa Iye. Adaona mbama ija, adaona mkono wotupa, adaonanso atsibweni akumvera nkhani kumsika. Iye sasokoneza zinthu ziwirizi. Ngati inu muli pa benchi la kumbuyo lero, tengani pepala sabata ino, mulembe zimene zikukutsutsani, chimodzichimodzi. Zimene zili zanu, kakonzeni. Zimene zili za mnzanuyo, mpemphereni ndi kumusiya m'manja mwa Mwini wake, amene adamva kulira kwa Ismaeli m'chipululu Abrahamu ali kutali.